Kuyala masamba a kabuku kopinda pakati: chifukwa chake 12 amakhala pambali pa 1

Ndimagwira ntchito yotayipa ndi kupulinta pa Boma pano pa Mangochi, ndipo palibe ntchito imene yawonongetsa anthu mapepala ambiri ngati ya timabuku topinda pakati. Ndikunena timabuku ta ndondomeko ya ukwati, ta nyimbo za kwaya, ta mwambo wa maliro, ngakhale ta malamulo a gulu la asodzi. Munthu amatayipa bwinobwino masamba ake, kuyambira 1 mpaka kumapeto, n'kuuza pulinta kuti iike masamba awiri pa pepala limodzi. Zikatuluka zimaoneka zaudongo. Vuto limadzaoneka popinda: tsamba 1 lagwera kumbuyo, tsamba 2 lakhala chikuto, ndipo nyimbo imene inayambira patsamba 5 ikupitirira kwina kosadziwika.

Masamba a kabuku kotere sayalidwa mmene amawerengedwera. Amayalidwa mmene adzakhalire pepala likapindidwa. Osindikiza mabuku ntchito imeneyi amaitcha impozishoni, koma ife pashopu timangoti kuyala masamba. Ndifotokoza pogwiritsa ntchito kabuku kamodzi kamene ndinapanga, ka ukwati, chifukwa pafupifupi zonse zimene zimavuta zinapezeka mmenemo.

Tiyambe tamvana mawu awiri, chifukwa tikawasakaniza sitipita patali. Ndikamati pepala, ndikunena pepala lathunthu la A4 limene mumatulutsa mu rimu, la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Ndikamati tsamba, ndikunena nkhope imodzi ya kabuku, imene munthu amawerenga. Mukaligoneka chopingasa pepala la A4 n'kulipinda pakati, mumapeza kabuku ka msinkhu wa A5, mamilimita 148 ndi 210. Liwerengeni: kutsogolo, mkati kumanzere, mkati kumanja, kumbuyo. Pepala limodzi labala masamba anayi. Silingabale atatu, silingabale asanu.

Werengani masamba musanakhudze pulinta

Mayi wina wa komiti ya ukwati anabwera ndi fulashi Lachinayi masana, ukwati uli Loweruka. Anati, "Achimwene, ndi masamba 10 okha, mutipangire timabuku 150." Nditatsegula ndinapeza chikuto, masamba awiri a mwambo wa kutchalitchi, masamba anayi a nyimbo, limodzi la ndondomeko ya kuholo, limodzi la mayina a komiti, ndi lomaliza la mawu othokoza.

Ndinawauza kuti, "Mayi, kabuku ka masamba 10 kulibe. Kakhala ka masamba 8 kapena 12." Poti pepala lililonse limabala masamba anayi, chiwerengero cha masamba onse chiyenera kugawika ndi 4 popanda chotsala: 4, 8, 12, 16, 20, kumapita choncho. Masamba 10 sakwana pa mapepala awiri, ndiye afunika mapepala atatu, ndipo mapepala atatu ali ndi malo 12. Malo awiri atsala opanda kanthu, mufune musafune.

Apa mpamene ndalama zimalowera, ndiye muziwerengeratu. Timabuku 150 ta mapepala atatu ndi mapepala 450, ndipo rimu imodzi ili ndi mapepala 500. Ntchito ikwana rimu imodzi, 50 otsalawo ndi oyesera ndi olowa m'malo mwa owonongeka. Koma masamba akanakhala 13, kutanthauza kupitirira 12 ndi tsamba limodzi lokha, kabukuko kakanakhala ka masamba 16, mapepala anayi, onse pamodzi 600, ndipo rimu yachiwiri ikanatsegulidwa chifukwa cha tsamba limodzi. Zikatero ine ndimalangiza mwini wake kuti tifinye zolembazo, mwina kuphatikiza mayina a komiti ndi mawu othokoza, kuti tibwerere pa 12.

Tsopano masamba awiri opanda kanthu aja akhale pati? Mukapanda kusankha nokha, kompyuta idzawaponya kumapeto, akhale 11 ndi 12. Zotsatira zake n'zakuti mawu othokoza, amene mayiwo ankafuna aoneke kumbuyo kwa kabuku, adzabisala mkati patsamba 10, ndipo kumbuyo kudzangoti mbee. Ife tinaika tsamba lopanda kanthu limodzi kuseri kwa chikuto, likhale 2, ndi lina kutsogolo kwa tsamba lomaliza, likhale 11. Kabuku kanaima chonchi: 1 chikuto, 2 palibe kanthu, 3 ndi 4 mwambo wa kutchalitchi, 5 mpaka 8 nyimbo, 9 za kuholo, 10 komiti, 11 palibe kanthu, 12 kuthokoza. Mu Word tsamba lopanda kanthu mumaliika ndi Insert kenako Blank Page.

Chenjerani pamenepa: chikuto ndi tsamba 1 ngakhale musalembepo nambala. Ena amayamba kulemba manambala patsamba la mkati, n'kumaliwerenga 1 pomwe pa kuyala ndi lachitatu. Poyala timawerenga malo, osati nambala yolembedwa pansi pa tsamba.

Kabuku ka pensulo

Ichi ndicho chinthu chimene ndikanakonda aliyense atengepo pa zonse ndalembazi. Musanapite pa kompyuta, tengani mapepala atatu otha ntchito, muwasanjike, muwapinde onse pamodzi pakati. Mwapanga kabuku kopanda mawu. Tengani pensulo mulembe nambala yaikulu pa tsamba lililonse, mukutsegula ngati mukuwerenga, kuyambira 1 pachikuto mpaka 12 kumbuyo. Pansi pa nambala lembaninso mawu amodzi okumbutsa, monga chikuto, nyimbo, komiti. Mukatha, kaphwasuleni kabukuko, muyale pepala lililonse palokha patebulo.

Pepala lakunja, mbali yake yakunja, muona 12 kumanzere ndi 1 kumanja. Litembenuzeni ngati mukutsegula tsamba la buku, muona 2 kumanzere ndi 11 kumanja. Pepala lachiwiri lili ndi 10 ndi 3 mbali ina, 4 ndi 9 kuseri kwake. Lachitatu, lamkati kwenikweni, lili ndi 8 ndi 5, ndipo kuseri kwake 6 ndi 7. Kuyala masamba ndi kumeneku basi, ndipo mwakuchita ndi manja anu pamphindi zitatu.

Mukayang'anitsitsa muona zinthu ziwiri zimene zimandipulumutsa tsiku ndi tsiku. Choyamba, masamba awiri aliwonse oyandikana mukawaphatikiza amakwana 13: 12 ndi 1, 2 ndi 11, 10 ndi 3, mpaka 6 ndi 7. Nambala imeneyi ndi chiwerengero cha masamba onse kuwonjezerapo 1. Kabuku ka masamba 16 mawiri ake amakwana 17, ka masamba 8 amakwana 9. Choncho pepala likatuluka mu pulinta, simufunika kuwerenga mawu onse kuti mudziwe ngati lili bwino. Phatikizani manambala awiriwo, ndipo akapanda kukwana 13, imitsani makina. Chachiwiri, manambala ogawika ndi 2 nthawi zonse amakhala kumanzere, ndipo 1, 3, 5 ndi anzake amakhala kumanja. Mukaona 5 kumanzere, china chalakwika ngakhale kuphatikiza kukwane.

Onaninso kuti 6 ndi 7 ndi masamba okhawo otsatizana amene ali pa nkhope imodzi ya pepala limodzi. Pamenepo ndi pakati pa kabuku, pomwe pamaoneka miyendo ya mapini. Ngati muli ndi chithunzi chachikulu chodutsa masamba awiri, kapena nyimbo yaitali imene simukufuna kuti anthu atembenuze tsamba ali pakati poimba, malo ake ndi amenewo. Pena paliponse theka la chithunzi limakhala pa pepala lina, theka linalo pa lina, ndipo pa pulinta za muofesi sizikumana ndendende. Ife tinasuntha nyimbo ya mavesi ambiri kuti igwere pa 6 ndi 7.

Kabuku ka pensuloka musakataye. Kakhale pambali panu mpaka ntchito ithe, chifukwa n'kamene mudzafananizire chilichonse chotuluka mu pulinta.

Mawu apadera kwa amene amapanga timabuku ta kumadirasa, poti kuno n'tambiri. Kabuku ka Chiarabu kamatsegulidwa kuchokera mbali inayo, msana wake uli kumanja. Lamulo la kuphatikiza silisintha, koma mbali zimasinthana: 1 amakhala kumanzere, 12 kumanja, ndipo kuseri kwake 11 kumanzere, 2 kumanja. Pangani kabuku ka pensulo mukutsegula ngati mmene owerengawo adzatsegulire, ndipo manambala adzadziyala okha.

Kukula kwa malembo

Fayilo ya mayi aja inali yotayipidwa pa A4 ndi malembo a msinkhu 12. Tsamba la A4 likafinyidwa kukhala A5, chilichonse chimachepa kufika pa 71 peresenti ya kukula kwake. Malembo a 12 amasanduka a 8.5. Pa kompyuta simuona vuto, koma ganizirani agogo ali m'tchalitchi, magalasi anaiwala kunyumba, akufuna kutsatira nyimbo. Malembo amenewo sawawerenga.

Njira yabwino ndi kukonza masambawo pa msinkhu wa A5 kuyambira pachiyambi, ndi malembo a 11 kapena 12, kuti chimene mukuona ndicho chidzatuluke. Ngati fayilo yabwera kale pa A4 ndipo mukufuna kuisiya choncho, kwezani malembo afike pa 16, kuti akafinyidwa akhale cha m'ma 11. Kungoti mukakweza malembo masamba amachuluka, ndiye bwererani mukawerengenso ngati akugawika ndi 4. Ine ndimasiya malo opanda mawu a mamilimita 12 mpaka 15 m'mbali zonse za tsamba la A5. Pulinta zambiri sizifika m'mphepete mwenimweni mwa pepala, ndiponso mawu oyandikira kwambiri mzere wopinda amavuta kuwerenga.

Kuuza kompyuta

Njira imene ndimaidalira ndi kusandutsa fayilo kukhala PDF ya masamba 12 otsatizana, tsamba lililonse palokha, n'kuitsegula mu Adobe Acrobat Reader. Mukasankha Print, pa gawo la Page Sizing & Handling pali batani lolembedwa Booklet. Mukalidina, pulogalamuyo imayala yokha, ndipo kachithunzi kakumbali kamakuonetsani pepala loyamba. Muyenera kuona chikuto kumanja ndi tsamba lothokoza kumanzere, monga mmene zilili pa kabuku ka pensulo. Pa Binding siyani Left, koma ngati ndi kabuku ka Chiarabu sankhani Right. Pa Booklet subset pali Both sides, Front side only ndi Back side only, ndipo tibwereranso kumeneko.

Amene akufuna kumalizira mu Word momwemo apite pa Layout, Margins, Custom Margins, ndipo pa Multiple pages asankhe Book fold. Pepala lidzagona lokha chopingasa, ndipo tsamba lililonse lidzakhala theka la pepalalo. Pomwepo dinani Paper muonetsetse kuti palembedwa A4. Makompyuta ambiri amabwera atasankhiratu Letter, pepala la ku America la mamilimita 216 ndi 279, ndipo mukayala pa Letter n'kupulinta pa A4, pakati pa masamba awiriwo sipagwera pakati pa pepala. Mumazindikira popinda: mawu a tsamba lina ayandikira msana, a tsamba linalo atalikira. Mu LibreOffice Writer chinthu chomwechi chimatchedwa Brochure, ndipo chimapezeka pa bokosi la Print.

Ngati pulogalamu yanu ilibe zonsezi koma imatha kuika masamba awiri pa pepala limodzi, mungathe kuyala nokha. Sankhani masamba awiri pa pepala, kenako pamalo olemba masamba oti apulintidwe tayipani manambala a pa kabuku ka pensulo motsatizana:

```
12,1,2,11,10,3,4,9,8,5,6,7
```

Njira imeneyi imafuna kuti masamba opanda kanthu aja akhalemo kale mu fayilo. Komanso mapulogalamu ena amanyalanyaza dongosolo lanu n'kuwabweza masambawo pa 1, 2, 3, choncho yang'anani kachithunzi musanadine Print.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kuyala kawiri. Munthu wabweretsa PDF yoyalidwa kale, masamba awiriawiri pa pepala lopingasa, ndiye wopulinta n'kusankhanso Booklet, kaya mu pulogalamu kaya mu zosankha za pulinta yeniyeniyo. Potuluka pa nkhope imodzi pali timasamba tinayi tating'onoting'ono tosokonekera. Lamulo langa ndi ili: mukatsegula PDF n'kuona 12 ali kale pambali pa 1, musayalenso, ingopulintani mbali zonse ziwiri pa kukula kwake komweko.

Kuseri kwa pepala

Ngati pulinta yanu imatembenuza yokha pepala, pali chosankha chimodzi chofunika: Flip on short edge, osati Flip on long edge. Pepala lathu lagona chopingasa, ndipo tikufuna litembenuke ngati tsamba la buku, kuchokera kumanja kupita kumanzere, kutanthauza kuti likuzungulira pa mbali yake yaifupi. Mukasankha mbali yaitali, kutsogolo kumatuluka bwino koma kuseri konse kumakhala chadodolido. Mukangoona 2 ndi 11 miyendo m'mwamba, musakayike fayilo, vuto ndi chosankha chimenecho.

Pulinta zambiri m'mashopu ndi m'maofesi ang'onoang'ono sizitembenuza zokha, ndipo apa mpamene ndikufuna tichedwepo. Pulinta iliyonse ili ndi khalidwe lake: ina imalemba pankhope ya pepala yoyang'ana kumwamba mu thireyi, ina yoyang'ana pansi. Musaganizire, iyeseni. Lembani ndi pensulo kamuvi pa pepala lapamwamba mu thireyi, koloza kumene pepala limalowera, n'kupulinta 12 ndi 1. Likatuluka, onani ngati inki yagwera kumene kuli kamuvi kapena kuseri kwake, ndiponso kuti mitu ya masamba yaloza kuti. Libwezeni mmene mukuganizira, mupulinte 2 ndi 11, mutatayipapo manambala awo ngati ali opanda kanthu. Lipindeni. Ngati kuseri kwa 1 kuli 2 ndipo onse aima chilili, mwapeza njira yake. Ilembeni pa kapepala muimate pa pulintapo, kuti mawa inu kapena mnzanu asadzayambenso kufufuza.

Tsopano pulintani kabuku kamodzi kathunthu, kamodzi kokha. Kapindeni, mukawerenge kuyambira 1 mpaka 12 mukufananiza ndi ka pensulo. Mukapeza kuti kuseri kwa 12 ndi 1 kwabwera 6 ndi 7, ndiye kuti mulu unalowa chobwerera, pepala lomaliza linayamba kukokedwa. Sinthani kasanjikidwe ka mapepalawo ndi manja, kapena sankhani Reverse pages populinta kuseri. Ngati mwini ntchito ali pafupi, mupatseni kabukuko awerenge mayina onse, chifukwa dzina la nkhoswe lolakwika limapezeka mosavuta pa kabuku kamodzi kusiyana ndi pa 150.

Populinta onse 150, musalole pulinta kuti izitulutsa pepala loyamba, lachiwiri, lachitatu, kenako n'kubwerezanso, ngati mudzabweze muluwo ndi manja. Ndinaphunzira izi movutika pa ntchito ina ya kwaya. Ndinapulinta kutsogolo konse motsatizana choncho, n'kubweza mulu wonse. Chapakati pulinta inakoka mapepala awiri nthawi imodzi, ndipo kuchokera pamenepo kuseri kulikonse kunagwera pa pepala losakhala lake. Ndinazindikira mulu utatha, ndipo mapepala oposa theka anapita kukakulungira zitumbuwa. Zinandipweteka, chifukwa anthuwo anali atasonkherana ndalamazo pang'onopang'ono, ndipo ndinayenera kuwabwezera mapepalawo.

Kuyambira tsiku limenelo ndimachita pepala limodzi panthawi. Mu Acrobat Reader, pa Sheets from ndimalemba 1 mpaka 1, ndisankhe Front side only, makope 150. Atuluka 12 ndi 1 okhaokha. Ndibweze muluwo, ndisankhe Back side only, makope 150, atuluke 2 ndi 11 ngati ali ndi zolemba. Kenako pepala lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu chimodzimodzi. Mwanjira iyi pulinta ikakoka awiri, mwangotsala ndi pepala limodzi lopanda kuseri, ndipo mumangolibweza. Magetsi akathima pakati pa ntchito, mumangowerenga amene atuluka n'kudzapitiriza otsalawo. Amene akugwiritsa ntchito makina a fotokope achite chimodzimodzi: apulinte nkhope zisanu ndi imodzi zoyambira, kenako achulukitse nkhope imodziimodzi.

Za nyengo yathu nazonso n'zofunika. Kuno kunyanja, makamaka nthawi ya mvula, pepala losiyidwa poyera limamwa chinyezi, ndipo likadutsa mu pulinta ya tona, imene imalitenthetsa, limatuluka lopindika ngati chiwaya. Lopindikalo ndi limene limakodwa kapena kukokedwa awiriawiri mukalibweza. Rimu muziitsegula pamene mukuyamba ntchito, otsala muziwabweza m'chikutiro chake. Mulu wa kutsogolo ukatuluka, uikeni patebulo losalala, muupsinje ndi rimu yosatsegula kwa mphindi 10 kapena 15 kuti uzizire ndi kuwongoka, kenako muupepese m'mphepete ndi chala kuti mapepala alekane musanaubweze mu thireyi. Ngati pulinta ndi ya inki yamadzi, dikirani iume, apo ayi chithunzi cha pachikuto chidzapakika.

Mayi aja anafuna chikuto cha pepala lolimba la mtundu. Kumbukirani kuti chikuto si tsamba 1 lokha: pepala lonse lakunja, 12, 1, 2 ndi 11, ndilo likhala lolimbalo. Mpamene kuika masamba opanda kanthu pa 2 ndi 11 kunatithandizanso, chifukwa pepala lolimba linadutsa mu pulinta kamodzi kokha. Pepala lotere lilowetseni pa thireyi ya pambali kapena ya kutsogolo yolowetsera pamanja, ochepaochepa.

Kusanjika, kupinda ndi kumenya mapini

Muli ndi milu itatu. Tengani pepala loyamba muligoneke chikuto chitayang'ana pansi, 2 ndi 11 kumwamba. Pamwamba pake ikani lachiwiri, 4 ndi 9 kumwamba. Pamwamba penipeni lachitatu, 6 ndi 7 akukuyang'anani. Ngati chimene mukuona pamwamba si pakati pa kabuku, mwasanjika molakwa. Gogodani m'mphepete patebulo kuti alingane, kenako bweretsani theka lakumanzere pamwamba pa lakumanja, makona akumane kaye musanapsinje. Psinjani kuyambira pakati pa msana kupita kumwamba, kenako kupita kumunsi, ndi msana wa supuni kapena rula yoyera. Mukayambira kumapeto kumodzi, pepala limathawa ndipo mzere umapendama. Pepala lolimba la chikuto lilembeni kaye mzere pakati ndi rula ndi bolopeni yotha inki, kuti lisasweke popinda.

Sitepula wamba sifika pakati pa pepala la A4, chifukwa pakatipo ndi mamilimita 148 kuchokera m'mphepete. Ilipo sitepula ya mkono wautali yopangidwira ntchito imeneyi, yokhala ndi kotsekera kosuntha. Kaikeni pa 148, muyese pa kabuku kamodzi, ndipo ena onse adzagwera pomwepo. Ngati mulibe, musadandaule. Tsegulani kabuku kopindidwa kale, mukagoneke chikuto chili kumwamba pa katoni yokhuthala kapena pa chidutswa cha matiresi. Kanulani sitepula wamba iwongoke, ikani mutu wake pa mzere wopinda kuti pini igone motsatira mzerewo, n'kupsinja mwamphamvu kamodzi. Miyendo ya pini idzalowa mu katoni. Tembenuzani kabuku, mupinde miyendoyo kuloza mkati ndi rula kapena supuni, igone bwino kuti isabaye chala cha mwana.

Pini imalowera kunja n'kutulukira mkati, osati kuchokera mkati. Mapini awiri akwanira pa A5, imodzi pafupifupi masentimita 5 kuchokera kumwamba, ina chimodzimodzi kuchokera kumunsi. Mapini wamba olembedwa 26/6 kapena 24/6 pa kabokosi, a miyendo ya mamilimita 6, amakwanira bwino kabuku kotere. Pini ikaphonya mzere ngakhale pang'ono, kabuku kamatseguka mokhota ndipo chikuto chimang'ambikira pa pinipo, choncho ichotseni mumenyenso. Onaninso kabokosi ka mapiniwo: amene agonera chinyezi amayamba dzimbiri, ndipo dzimbirilo limadetsa pepala ndi kulidya. Pa kabuku ka tsiku limodzi si nkhani yaikulu, koma ka nyimbo koti kakhale zaka kamafuna mapini atsopano, kapena kusokedwa ndi ulusi wolimba pa mabowo atatu a pamsana.

Mukatseka kabuku muona kuti masamba a mkati atuluka pang'ono kupitirira chikuto. Sikulakwa kwanu. Pepala lililonse limakuta anzake a mkati pamsana, ndiye amkatiwo amakankhidwira kunja. Pepala wamba la magalamu 80 ndi lokhuthala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, choncho pa mapepala atatu simuona kanthu kodetsa nkhawa. Pa mapepala 10, kabuku ka masamba 40, kutulukako kumafika milimita imodzi kapena kupitirirapo, ndipo m'mphepete mumaoneka ngati masitepe. Pamenepo mumadula m'mphepetemo kabuku kali kotseka, ndi makina odulira mapepala kapena rula yachitsulo ndi mpeni wakuthwa, mukudutsa kangapo mopepuka. Dziwani kuti kudulako kumadya kwambiri masamba a pakati, n'chifukwa chake malo opanda mawu a m'mbali aja asakhale opanikiza. Kupitirira mapepala 12 kapena 15 ine sindilola kumenya mapini pakati, chifukwa kabukuko sikatsekekanso, kamangokhala kukamwa yasa. Ntchito yotere imagawidwa m'timagulu ta masamba 16, gulu lililonse n'kuyalidwa palokha, kenako n'kusokedwa pamodzi.

Timabuku ta mayi aja tinatha Lachisanu m'mawa. Tinatisanjika makumi awiri ndi asanu pa mulu, theka misana kumanzere, theka misana kumanja kuti mulu usapendame, n'kupsinja mulu uliwonse ndi marimu awiri mpaka masana. Asanatenge, ndinatsegula kamodzi pa mulu uliwonse pakati penipeni kuona ngati 6 ndi 7 ali pamenepo, n'kutikulunga mu pulasitiki chifukwa ankakwera nato njinga ya kabaza kuwoloka mlatho wa Shire.